Kulumikiza barelo shifita ya mabiti 8 ndi magawo atatu a zosankhira

Barelo shifita ndi dera lamagetsi lomwe limalandira nambala ya mabiti angapo n'kuisuntha kumanja kapena kumanzere ndi malo ochuluka monga mwalamulira, zonsezo pa ulendo umodzi, osadikira kugunda kwa koloko. Kwa mabiti 8, derali limafuna magawo atatu a zosankhira za njira ziwiri, zomwe ndi timadera tosankha biti imodzi mwa ziwiri zolowa, gawo lililonse lokhala ndi zosankhira 8, ndipo zonse pamodzi zimakwana 24. Malangizo ano ndi a munthu amene akufuna kulilumikiza ndi manja ake pa buledibodi, kaya ndi wophunzira zamagetsi ku MUBAS pa Chichiri kapena wokonza zipangizo ku Limbe amene wazolowera kuwerenga miyendo ya matchipi. Titenga mtundu umodzi wokha, wosunthira kumanja, chifukwa mukaumvetsa umenewu mitundu inayo imasiyana nawo pa mawaya ochepa chabe.

Musanagwire waya muyenera kudziwa chifukwa chake magawowo ali atatu, pakuti malumikizidwe onse amachokera pamenepo. Nambala ya mabiti 8 ikhoza kusunthidwa ndi malo 0, 1, 2, mpaka 7. Zimenezo ndi njira 8 zosiyana, ndipo kuti mutchule imodzi mwa njira 8 m'chiwerengero cha 0 ndi 1 mumafuna mabiti atatu, omwe tiwatcha `s2`, `s1` ndi `s0`. Biti `s0` ili ndi mtengo wa 1, `s1` ili ndi mtengo wa 2, ndipo `s2` ili ndi mtengo wa 4. Wogulitsa ufa mumsika wa Limbe amene ali ndi miyala itatu ya sikelo, wa kilogalamu 1, wa 2 ndi wa 4, amatha kuyeza kulemera kulikonse kuyambira 1 mpaka 7 pongosankha miyala yoti aike pa sikelo ndi yoti aisiye pansi. Deranso lathu lili ndi gawo losuntha ndi malo 1, lina ndi malo 2, lina ndi malo 4, ndipo biti iliyonse ya lamulo imangouza gawo lake kuti lisunthe kapena lingodutsitsa nambala mmene yabwerera. Kusuntha ndi malo 5 ndiko kuyatsa gawo la 4 ndi la 1, n'kusiya la 2. Magawo awiri okha angapereke njira 4 basi, kuyambira 0 mpaka 3, choncho sangakwane. Mwa masamu, chiwerengero cha magawo ndi `log2(n)` ndipo cha zosankhira ndi `n × log2(n)`, momwe `n` ndi chiwerengero cha mabiti, kotero kuti mabiti 16 amafuna magawo 4, mabiti 32 amafuna magawo 5 ndi zosankhira 160, ndipo mabiti 64 amafuna magawo 6 ndi zosankhira 384. Chiwerengero cha mabiti chikakula kawiri, pamangowonjezeka gawo limodzi.

Ubwino wa kapangidwe kameneka, umene ine ndimauona kukhala waukulu kuposa kuchepa kwa zipangizo, ndi wakuti mabiti atatu a lamulo amapita okha ku magawo awo popanda dera lina lowamasulira pakati. Nambala yonena malo osunthira ndiyo imene ikuyendetsa zosankhira.

Chosankhira cha njira ziwiri, chimene pa ntchito chimatchedwa malitipulekisa, chili ndi polowera pawiri, `A` ndi `B`, potulukira pamodzi, `Y`, ndi mwendo wosankhira, `S`. Pamene `S` ili pa 0, zimene zili pa `A` zimatulukira pa `Y`, ndipo pamene `S` ili pa 1 zimatuluka za pa `B`. Tchipi 74HC157 ili ndi zosankhira zinayi zotere zomwe zimagawana mwendo umodzi wa `S`, zimene zikutiyenera bwino chifukwa zosankhira zonse za gawo limodzi ziyenera kumvera lamulo limodzi. Gawo lililonse limatenga matchipi awiri, ndipo dera lonse limatenga 6. Kuwonjezera pamenepo mukufuna mabuledibodi awiri, popeza matchipi 6 a miyendo 16 pamodzi ndi maswitchi ndi nyali sangakwane bwino pa imodzi. Mukufunanso maswitchi 11, omwe 8 ndi a nambala yolowa ndipo 3 ndi a lamulo, iliyonse yolumikiza waya wake ku mavoti 5 ikayatsidwa, marezisita 11 a maomu 10,000 okokera mawaya a maswitchiwo ku `GND`, nyali za LED 8 iliyonse ndi rezisita yake ya maomu pafupifupi 1,000, ndi makapasita 6 a mananofaradi 100. Magetsi akhale a mavoti 5, omwe tchaja ya foni kapena pawabanki imapereka. Ngati mwapeza 74LS157 m'malo mwake, miyendo yake ndi yofanana, koma gulani zonse 6 za HC, chifukwa marezisita a maomu 10,000 sangakokere polowera pa tchipi ya LS ku 0 modalirika, ndiponso 1 wotuluka mu tchipi ya LS sakhala wokwera mokwanira nthawi zonse kuti ya HC imuwerenge ngati 1.

Ntchito yoyamba ndi ya papepala. Lembani mabiti olowa kuyambira `d7`, yomwe ili kumanzere ndipo ndi ya mtengo waukulu, mpaka `d0` kumanja. Zotuluka m'gawo loyamba muzitche `a7` mpaka `a0`, za m'gawo lachiwiri `b7` mpaka `b0`, ndipo za m'gawo lachitatu `y7` mpaka `y0`. Lamulo la chosankhira chilichonse ndi ili:

```
a[i] = s0 ? d[i+1] : d[i]
b[i] = s1 ? a[i+2] : a[i]
y[i] = s2 ? b[i+4] : b[i]
```

Tanthauzo lake n'lakuti polowera `A` pamalandira biti ya malo omwewo kuchokera m'gawo lapitalo, pamene polowera `B` pamalandira biti yochokera kumanzere, pa mtunda wa malo 1, 2 kapena 4 malinga ndi gawo. Pamene `i+1`, `i+2` kapena `i+4` yapitirira 7, kulibenso biti yoti mutenge, ndipo polowera pamenepo pamafuna chodzazira. M'gawo loyamba malo otere ndi amodzi, m'lachiwiri ndi awiri, m'lachitatu ndi anayi, onse pamodzi 7. Alembeni ndi cholembera cha mtundu wina, chifukwa malo 7 amenewa ndiwo amasankha mtundu wa shifita imene mukumanga, monga tionere kutsogoloku. Pakali pano onse apite ku `GND`, kuti polowa pazibwera 0.

Mukatha papepala, ikani matchipi onse 6 moyang'ana mbali imodzi ndipo muyambe ndi magetsi okhaokha. Mwendo 16 upite ku mavoti 5, mwendo 8 upite ku `GND`, ndipo kapasita ikhale pakati pa mizere iwiriyo pafupi ndi tchipi iliyonse. Mwendo 15 ndi wololeza tchipi kugwira ntchito, ndipo umaloleza ukakhala pa 0, choncho nawonso upite ku `GND`. Ukakhala pa 1 zotuluka zonse zinayi zimakhala 0 ngakhale mutasintha maswitchi motani. Mizere ya `GND` ya mabuledibodi awiriwo ilumikizidwe pamodzi, ya mavoti 5 chimodzimodzi. Mabuledibodi ena amadula mizere ya magetsi pakati, choncho yezani ndi mita pa mwendo 16 wa tchipi iliyonse musanapitirire, kuti muone mavoti 5 paliponse.

Tsopano lumikizani gawo loyamba lokha, ndipo apa ndi poyenera kudekha chifukwa miyendo ya 74HC157 ili ndi msampha. Mwendo 1 wa matchipi onse awiri upite ku switchi ya `s0`. Pa tchipi yosamala mabiti apansi, mwendo 2 ulandire `d0`, mwendo 3 ulandire `d1`, ndipo mwendo 4 utulutsa `a0`. Mwendo 5 ulandire `d1`, mwendo 6 ulandire `d2`, ndipo mwendo 7 utulutsa `a1`. Mbali imeneyi polowera `A` pali nambala yaing'ono kuposa `B`. Mukawolokera mbali inayo dongosolo limatembenuka: mwendo 11 ndiwo `A` ndipo ulandire `d2`, mwendo 10 ndiwo `B` ndipo ulandire `d3`, ndipo `a2` imatulukira pa mwendo 9. Mwendo 14 ulandire `d3`, mwendo 13 ulandire `d4`, ndipo `a3` imatulukira pa mwendo 12. Tchipi ya mabiti apamwamba imatsata ndondomeko yomweyo kuyambira `d4` pa mwendo 2 mpaka `d7` pa mwendo 14, koma mwendo wake 13 ndiwo malo a chodzazira. Onani kuti `d4` ikupita ku matchipi onse awiri. Waya wowoloka ameneyu ndi umene umaiwalika kawirikawiri, chifukwa diso limaona tchipi iliyonse ngati yodziimira payokha.

Musayambe gawo lachiwiri musanayese loyamba. Lumikizani nyali 8 zija ku `a7` mpaka `a0` kwa kanthawi, ikani `s0` pa 0, ndipo muyatse switchi imodzi imodzi kuyambira `d0`. Nyali ya malo omwewo yokha iyake. Kenako ikani `s0` pa 1 n'kubwereza, ndipo nyali yoyaka ikhale ya malo amodzi kumanja, kupatula `d0` yomwe siyatsa nyali iliyonse chifukwa yagwera kunja. Mukaona kuti mabiti 0, 1, 4 ndi 5 akuchita bwino koma 2, 3, 6 ndi 7 akusuntha pamene `s0` ili pa 0 n'kuima pamene ili pa 1, ndiye kuti mwasinthanitsa `A` ndi `B` kumbali ya miyendo 9 mpaka 14. Kuyesa gawo lililonse palokha kumaoneka ngati kuchedwa, koma pa dera lathunthu pali malo olowera 48, ndipo cholakwa cha m'gawo loyamba chikadutsa m'magawo awiri ena chimatulukira pa nyali imene simungaiganizire.

Gawo lachiwiri limalumikizidwa mofanana, mwendo 1 ukupita ku `s1`, polowera `A` pakulandira `a0` mpaka `a7` motsatana, ndipo polowera `B` pakulandira `a2` mpaka `a7` kenako zodzazira ziwiri. Kuno mawaya owoloka kuchoka ku tchipi yapamwamba kupita ku yapansi ndi awiri, `a4` ndi `a5`. Samutsirani nyali ku `b7` mpaka `b0`, n'kuyesa kusuntha ndi 0, 1, 2 ndi 3. Gawo lachitatu ndi losavuta kuposa onse: tchipi yapansi imalandira `b0` mpaka `b3` pa `A` ndi `b4` mpaka `b7` pa `B`, pamene yapamwamba imalandira `b4` mpaka `b7` pa `A` ndi zodzazira zokhazokha pa `B`. Mwendo 1 upite ku `s2`, ndipo nyali zikhazikike pa `y7` mpaka `y0`.

Tiyeni titsatire nambala imodzi m'dera lonse. Ikani `10110010` pa maswitchi, yomwe ndi 178, ndipo lamulo likhale 5, kutanthauza `s2` pa 1, `s1` pa 0, `s0` pa 1.

```
d = 10110010
a = 01011001   (s0 = 1)
b = 01011001   (s1 = 0)
y = 00000101   (s2 = 1)
```

Gawo loyamba lataya 0 wa kumanja n'kulowetsa 0 kumanzere, ndipo nambala yasanduka 89, theka la 178. Gawo lachiwiri langoidutsitsa. Gawo lachitatu lataya mabiti anayi a kumanja, `1001`, n'kutsitsa `0101` pamalo pawo, ndipo kumanzere kwadzaza 0 anayi. Yankho ndi 5. Mungathe kulitsimikiza ndi masamu wamba, pakuti kusuntha kumanja ndi malo 5 n'chimodzimodzi kugawa ndi 32 n'kutaya chotsala: 32 amalowa kasanu mu 178, n'kutsala 18. Ngati nyali zanu zaonetsa china, tengani mita n'kuyeza `a7` mpaka `a0`, kenako `b7` mpaka `b0`, mukufananiza ndi mizere ili pamwambayi, ndipo gawo loyamba limene lasiyana nayo ndilo lili ndi vuto.

Komabe chitsanzo chimenechi chikapambana musakhutire nacho, chifukwa pali cholakwa china chimene 5 sangachiulule. Mukasinthanitsa mawaya a `s0` ndi `s2`, dera limayankhabe molondola pa 0, 2, 5 ndi 7, popeza `000`, `010`, `101` ndi `111` amawerengeka chimodzimodzi kuchokera mbali zonse. Cholakwacho chimaonekera pa enawo: mukalamula 1 limasuntha ndi 4, mukalamula 4 limasuntha ndi 1, mukalamula 3 limasuntha ndi 6. Kuyesa kodalirika ndiko kuika `10000000` n'kudutsa m'malamulo onse kuyambira 0 mpaka 7, mukuona nyali imodzi ikuyenda malo amodzi amodzi kuchoka pa `y7` mpaka `y0`. Kenako chitani zomwezo ndi switchi iliyonse payokha, zomwe ndi mayeso 64 ndipo zimakhudza waya uliwonse wonyamula biti. Pomaliza ikani `11111111` n'kudutsanso m'malamulo onse, kuti muone nyali za kumanzere zikuzima motsatana. Nyali ya kumanzere ikamathwanima kapena kusintha mukayandikitsa dzanja, ndiye kuti polowera pena pa malo 7 aja pangosiyidwa osalumikiza. Polowera pa tchipi ya HC posalumikizidwa sipakhala pa 0. Pamatola chilichonse chili pafupi, ndipo pakhoza kuoneka bwino lero n'kulakwa mawa.

Dongosolo la magawo lokha silisintha yankho. Mukhoza kuyamba ndi gawo la 4 n'kumaliza ndi la 1, malinga gawo lililonse lalandira biti yake yoyenera ya lamulo, chifukwa kusuntha ndi 4 kenako ndi 1 kumafika pomwe pamafika kusuntha ndi 1 kenako ndi 4.

Tibwerere ku malo 7 a zodzazira. Mukawachotsa ku `GND` n'kuwalumikiza onse ku `d7`, shifita yanu imasunga chizindikiro cha nambala, zomwe zimafunika pa manambala otsika pansi pa 0 olembedwa mwa njira imene makompyuta amagwiritsa ntchito, momwe `d7` ikakhala 1 nambalayo ndi yotsika pansi pa 0. Mwa kawerengedwe kameneko `10110010` ndi −78. Gawo loyamba limapereka `11011001`, yomwe ndi −39, ndipo lachitatu limapereka `11111101`, yomwe ndi −3. Onani kuti −78 kugawa ndi 32 ili pakati pa −2 ndi −3, ndipo dera lasankha −3, chifukwa kusuntha kotere kumatsitsa yankho nthawi zonse, sikulikokera ku 0. Amene amayembekeza −2 angaganize kuti waya walakwika pomwe dera lili bwinobwino. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti malo 7 onsewo muwasonkhanitse pa mzere umodzi wa buledibodi kuyambira pachiyambi, kuti kusintha mtundu kukhale kungosamutsa waya umodzi pakati pa `GND` ndi `d7`.

Mtundu wachitatu ndi wozunguliza, momwe biti yotuluka kumanja imalowanso kumanzere. Kuno malo 7 aja salandira chinthu chimodzi, koma aliyense amalandira biti imene ikanatayika: m'gawo loyamba `d0`, m'lachiwiri `a0` ndi `a1`, m'lachitatu `b0` mpaka `b3`, motsatana kuchokera pamalo apansi. Nambala yathu ikazungulira kumanja ndi 5 imadutsa pa `01011001` n'kufika pa `10010101`, ndipo mabiti anayi oyaka amakhalabe anayi, chimene chili njira yachangu yoonera ngati mwalumikiza bwino. Magawo amakhalabe atatu ndipo matchipi amakhalabe 6. Kuzungulira kumanzere ndi malo 3 n'kofanana ndi kuzungulira kumanja ndi malo 5, choncho dera limodzi limatumikira mbali zonse ngati mwasintha lamulo kukhala 8 kuchotsa malo ofunikawo. Kusuntha wamba kumanzere kulibe mwayi umenewo. Njira yophweka ndiyo kutembenuza dongosolo la mabiti polowa, `d7` isinthane malo ndi `d0` ndi ena onse momwemo, n'kutembenuzanso potuluka, ndipo kuti muzisankha mbali ndi switchi pamafunika magawo ena awiri a zosankhira 8. Dera la mbali zonse lotere limakhala la magawo asanu ndi matchipi 10, koma magawo osuntha enieni akadali atatu.

Yankho lakuti magawo ndi atatu limadalira kuti zosankhira ndi za njira ziwiri. Mukagwiritsa ntchito 74HC151, yomwe ndi chosankhira chimodzi cha njira 8, gawo limodzi limakwana, koma mumafuna tchipi imodzi pa biti iliyonse yotuluka, zonse 8, ndi malo olowera 64 oti mulumikize. Pakati pa ziwirizi pali 74HC153, yokhala ndi zosankhira ziwiri za njira 4: matchipi anayi amapanga gawo losuntha ndi 0, 1, 2 kapena 3 motsogozedwa ndi `s1` ndi `s0`, ndipo ma 74HC157 awiri amamaliza ndi gawo la 4, zomwe ndi magawo awiri ndi matchipi 6. Funso la mayeso likangonena zosankhira popanda kutchula kukula kwake, kawirikawiri limatanthauza za njira ziwiri, koma ndi bwino kulemba zimenezo poyankha.

Za liwiro, nambala imadutsa m'magawo onse atatu kaya lamulo ndi 0 kapena 7, choncho nthawi yoyembekeza yankho ndi ya zosankhira zitatu zotsatana, ndipo pa mavoti 5 chilichonse chimatenga mananosekondi khumi ndi angapo. Mkati mwa nthawi imeneyo zotuluka zimatha kuonetsa nambala yolakwika kwa kamphindi, zomwe diso siliona pa nyali koma dera lina lothamanga likhoza kuzigwira, choncho losunga yankho liyenera kudikira kuti magawo onse akhazikike. Kusiyana kwake ndi kusuntha kamodzikamodzi mungakuone pa zipangizo zimene ambiri ali nazo. Tchipi ATmega328P ya mu Arduino Uno ilibe barelo shifita, ndipo malangizo ake `LSL` ndi `LSR` amasuntha malo amodzi okha, kotero kusuntha kwa malo ambiri osadziwikiratu kumachitika mobwerezabwereza. Purosesa 8086 ya Intel inkawonjezera kugunda kwa koloko kanayi pa malo aliwonse osunthidwa, pamene 80386 ya mu 1985 inabwera ndi barelo shifita ndipo nthawi inaleka kudalira kuchuluka kwa malo.

Malire amene muyenera kuwasamala kwambiri ndi kusuntha ndi malo 8 kapena kupitirira. Nambala 8 imalembedwa `1000`, ndipo dera lathu limangoona mabiti atatu apansi, `000`, kotero limabweza nambala yolowa osaisuntha konse, pomwe yankho loona la kusuntha wamba ndi `00000000`. Pa 9 limasuntha ndi 1, pa 10 ndi 2. Kwa dera lozunguliza zimenezi n'zolondola, chifukwa kuzungulira ndi malo 8 kumabwezadi biti iliyonse pamalo pake. Kwa lodzaza ndi 0, 74HC157 ili kale ndi chothandizira: chotsani mwendo 15 wa matchipi awiri a gawo lachitatu ku `GND` n'kuulumikiza ku biti yachinayi ya lamulo, `s3`, yokhalanso ndi rezisita yake yokokera pansi. Biti imeneyo ikakhala 1 zotuluka zonse 8 zimagwa pa 0, ndipo malamulo onse kuyambira 8 mpaka 15 amayankhidwa molondola popanda tchipi yowonjezera. Kwa losunga chizindikiro njira imeneyi siigwira, pakuti nambala yotsika pansi pa 0 iyenera kusanduka `11111111`. Pamenepo gwiritsani ntchito kuti kusuntha kotere ndi malo 7 kumadzaza kale malo onse ndi `d7`: dutsitsani `s2`, `s1` ndi `s0` iliyonse pa chipata cha `OR` pamodzi ndi `s3`, pogwiritsa ntchito zipata zitatu za tchipi imodzi ya 74HC32, kuti lamulo lililonse loposa 7 lifike ku magawo ngati `111`, ndipo malo olowera a chipata chachinayi chotsalacho muwalumikize ku `GND`.